Miyezi 8 pashedi koma rodi simunaigwire: njira yochoka pausipanalaboyi kukafika pa ntchito ya malipiro

Funso: Ndine mnyamata wa zaka 21, ndimakhala ku Nchalo. MSCE ndili nayo koma mapointi ake ndi osapita nawo patali. Ndatha miyezi 8 pashedi ina ya zowotcherera pa tauni pompano, koma ntchito yanga ndi kudula, kupala ndi kupenta basi. Makina abwana sandigwiritsa, ndipo chomwe ndimapezapo ndi nsima ya masana. Ndipirire, ndisamukire pena, kapena ndiyese kukoleji? Khumbo langa ndi kudzalembedwa ntchito, kaya kwa makontilakitala a kufakitale.

Yankho:

Achimwene, musachoke mawa, koma musakhalenso miyezi ina 8 momwemo. Kudula, kupala ndi kupenta ndi chiyambi choyenera, ndipo aliyense wa ife anayambira pamenepo. Mnyamata amene sadziwa kuyeza ndi tepi ndi kudula mowongoka sadzapanga chitseko cholowa pafelemu, ngakhale dzanja lake litakhala losalala bwanji. Koma zimenezo zimaphunzirika m'miyezi itatu. Ikadutsa itatuyo rodi musanaigwire, ndiye kuti simulinso wophunzira, mwasanduka wantchito wosalipidwa.

Ndawotcherera zitsulo kuchigwa kuno zaka zambiri, ndakhalapo kapitawo, ndaphunzitsanso anyamata pashedi yanga, choncho mbali ya abwana anuwo ndikuidziwa. Si nthawi zonse pamene imakhala nkhanza. Ma rodi ndi ndalama. Magetsi akabwera atazima theka la tsiku, mmisiri amafuna amalize geti ya kasitomala asanazimenso, ndiye sangapereke makina kwa munthu woti akaboolaboola chubu cha eni ake. Machubu a mawindo ndi zitseko amakhala opyapyala, mamilimita 1.2 kapena 1.6, ndipo wongoyamba kumene amawaboola ngati pepala. Chifukwa chachitatu sachitchula: akakuphunzitsani zonse, chaka chamawa mudzatsegula shedi tsidya la msewu n'kumutengera makasitomala. Zifukwa ziwiri zoyambazo mungathe kuzichotsa nokha. Chachitatucho chikakhala kuti ndicho chenicheni, mudzachiona msanga, ndipo pamenepo ndi pochoka.

Tiyambe ndi kuona ngati shediyo ndi yoti munthu n'kuphunzirapo zomwe inuyo mukufuna. Mwatchula za makontilakitala, ndiye yang'anani pansi pa shedi yanuyo. Ngati chaka chonse pamangodutsa mabagalabazi, mafelemu ndi mbaula, mudzatuluka muli wodziwa kudonthezadontheza pa chitsulo chopyapyala, luso lomwe lingakudyetseni pamsika koma silingakulowetseni pageti la fakitale. Shedi yabwino kwa inu ndi yomwe imalandira ngolo zothyoka, matileela a mathirakitala, makasu a pulawo, nsanja za matanki a madzi, zigayo, mapaipi a mthirira. Zimenezi ndi zitsulo zochindikala, zonyamula katundu, zoti ukanamiza zimabwerera kwa iwe sabata yomweyo mwini wake ali lilime panja. Mashedi otere alipo m'mbali mwa M1, pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, chifukwa kuno ndi kwa ng'ombe, ngolo ndi nzimbe. Simusowa kukwera Thabwa kuti muwapeze.

Yang'ananinso makina. Thiransifoma yokulunga pamanja ija, ya mawaya oonekera ili m'kabokosi ka matabwa, imawotcha bwinobwino ma rodi wamba a 6013, koma a 7018 imavutika nawo: moto umangozimazima, rodi n'kumamata. Tsono 7018 ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito pa zitsulo zolemera za m'mafakitale. Ngati pashedi palibe invata kapena jenereta yowotcherera, rodi imeneyi simudzaidziwa. Ndipo funsani mwakachetechete kwa oyandikana nawo: anyamata amene anadutsa pamenepa ali kuti lero? Akakutchulirani awiri kapena atatu amene ali pantchito kapena ali ndi mashedi awo, mmisiriyo ndi wophunzitsa. Akakuuzani kuti wina ali pa kabaza, wina anapita ku Joni, mwamva kale yankho.

Tinene kuti shediyo yakhoza mayeso amenewa. Chotsatira ndi kukambirana, ndipo musapite nokha. Tengani amalume anu kapena munthu wamkulu amene abwanawo angamuchitire manyazi, mupite Lamlungu masana kunyumba kwawo, osati pashedi makasitomala ali pomwepo. Musayambe ndi dandaulo. Ayambe amalumewo kuthokoza kuti mwana wawo wasungidwa miyezi yonseyi, kenako apemphe zinthu zitatu zomveka: kuti tsiku lililonse mupatsidwe makina kwa theka la ola, m'mawa ntchito isanayambe kapena madzulo poweruka, kuti ma rodi ndi zitsulo zoyeserera mudzagula nokha, ndipo kuti ikatha miyezi itatu, ntchito iliyonse yomwe mwaigwira nokha kuyambira poyeza mpaka popenta muzilandirapo kagawo. Kagawoko mugwirizane pomwepo, kaya ndi pa chitseko chilichonse kaya ndi pa sabata. Mawu oti "tizikuganizirani ya sopo" si mgwirizano. Zonsezi zilembedwe mu kope wamba, asayine abwana, inu ndi amalume. Pepala lotere si lopita nalo kukhoti, koma limathandiza tsiku lomwe wina ayambe kuiwala.

Abwana akakana ngakhale theka la ola, ma rodi ali anuanu, thokozani mwaulemu, malizani mweziwo, fufuzani pena. Musatuluke ndi mkangano. Kuchigwa kuno amisiri timadziwana tonse, ndipo kapitawo amene adzakuyeseni kutsogolo akhoza kukhala mlamu wake wa abwana anuwo.

Tsopano theka la ola lija, chifukwa m'menemo ndi momwe muli ntchito yanu yonse. Paketi ya makilogalamu 5 ya ma rodi a 3.2 imakhala ndi ma rodi pafupifupi 150. Mukamawotcha asanu pa tsiku, paketi imodzi ikukwanirani mwezi. Kwa ogula zitsulo zakutha pezani zidutswa za puleti ya mamilimita 6 mpaka 10, muzipale dzimbiri lichoke. Sabata ziwiri zoyamba musalumikize kanthu: ingoyalani mizere pa puleti yogona, rodi ya 6013, makina ali pakati pa ma ampu 90 ndi 130, mpaka mizere izituluka yofanana m'lifupi ndipo chikhungwa cha pamwamba, chomwe timati silagi, chizisendeka chokha osachita kumenya. Kenako imikani puleti ina pamwamba pa inzake ngati chilembo cha T, muwotchere mbali imodzi yokha. Ikazizira, ipanikizeni pa vayisi n'kuimenya ndi hamala yaikulu mopindira ku mbali yomwe mwawotchayo mpaka ithyoke. Yang'anani mkati. Mukaona mzere wakuda wa silagi kapena ngodya ya pansi ili yosasungunuka, ndiye kuti kunja kokha n'komwe kunakongola. Mukaona timabowo ngati chisa cha njuchi, rodi inali yonyowa, chitsulo chinali ndi penti kapena mafuta, kapenanso munatalikitsa rodi ndi chitsulo powotcha. Kangalande kodyeka m'mbali mwa mzere kamatanthauza kuti moto unachuluka kapena munathamanga. Kuthyola ntchito yako n'kuiona mkati ndi mphunzitsi woposa bwana aliyense, ndipo anyamata ambiri a m'mashedi amatha zaka asanachitepo.

Mukakhazikika pamenepo, imikani puleti chilili muyambe kuwotcha chokwera, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Apa ndi pomwe amuna amasiyana. M'mashedi ambiri amawotcha chotsika chifukwa n'chachangu ndipo pa chubu chopyapyala chimakwana, koma pa chitsulo chochindikala sichilowa mkati. Chokwera chimafuna mutsitseko moto pang'ono, muzikhalitsa kanthawi m'mbali zonse ziwiri n'kudutsa pakati mwachangu, apo ayi chitsulo chosungunuka chimayenderera pansi ngati phala. Pamapepala a makontilakitala mudzaona 3G, kumeneko ndiko kuwotcha chokwera. 4G ndi kuwotcha chagada, chitsulo chili pamwamba pa mutu. 6G ndi paipi yopendekeka, ya akatswiri enieni amene amalipidwa kuposa tonse. Inu cholinga chanu cha chaka chino chikhale 3G ndi rodi ya 7018. Rodi imeneyi imamwa chinyezi, ndiye m'nyengo ya mvula musaisiye poyera. Gulani ochepa ochepa, muwasunge mu chitini chotseka bwino.

Ndinenepo za maso, poti ndaona zambiri. Magalasi a dzuwa a pamsika aja sateteza kanthu. Usiku wake mumadzuka maso ali ngati mwathiridwa mchenga, ndipo zikamabwerezabwereza maso amafooka mukadali mwana. Gulani chigoba chenicheni cha galasi lakuda ngakhale chogwira pamanja, musanagule nsapato kapena foni. Ndipo paipi ya galavanaizi musaiwotchere mkati mwa nyumba, utsi wake woyerawo umadwalitsa.

Nanga ntchitoyo imapezeka liti? Kuno kalendala ya mmisiri imayendera nzimbe. Fakitale ya shuga ya ku Nchalo imagaya nzimbe kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala. Mvula ikayamba imaima, ndipo miyezi ya pakati pa Disembala ndi Malichi ndi yokonza: kumasula zigayo, kusintha mapuleti odyeka, kukonza mapaipi, maboila ndi malamba onyamula nzimbe. Ntchito yambiri yotere imaperekedwa kwa makontilakitala, ndipo iwowo amafuna manja ambiri kwa nthawi yochepa. Ndiye wofuna kulowa sayamba kufunsa mu Januwale, magulu atadzaza kale. Amayamba mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa lija likuswa mtengo, pamene makapitawo akulemba maina a anthu oti adzawaitane. Kupatula fakitale, kuli minda ya nzimbe ya alimi ku Kasinthula ndi Phata yomwe ili ndi mapampu ndi mapaipi ofuna kukonza, kuli fakitale ya PressCane pa Dyeratu, kuli ngalande yaikulu ya mthirira yochokera ku Kapichira, yomwe cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000, komanso ntchito za milatho ndi misewu zomwe zinachuluka pambuyo pa namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Ntchito za zomangamanga zimatentha m'chilimwe, za kufakitale m'dzinja, ndiye mmisiri wochenjera amadumpha uku ndi uku chaka n'kutha.

Kaimidwe ka pageti m'mawa, gulu la anthu 50 aliyense envulopu m'manja, sikabala zambiri. Makapitawo amalemba munthu amene wina wamutchula. Fufuzani amisiri amene anagwirapo kwa kontilakitala chaka chatha; amapezeka kutchalitchi, kumpira, pogula ma rodi kuhadiweya. Musawapemphe ntchito, poti alibe. Apempheni aone puleti yanu. Mmisiri weniweni sakana kuyang'ana ntchito ya mnzake, ndipo akaona kuti mwana uyu chokwera akuchitha, dzina lanu amalitchula yekha kapitawo akati "ndipezereni anyamata awiri."

Ndikuuzeni za mnyamata wina wa kufupi ndi Bereu amene ndinamuona ndi maso anga akudutsa njira imeneyi. Anabwera kwa ine mu Meyi atatha chaka pashedi ya mafelemu, JCE yokha m'thumba. Tinagwirizana monga ndafotokozera, amalume ake ali pomwepo. Ndalama ya ma rodi ankaipeza Loweruka, kukweza matumba pamsika. Juni ndi Julaye anamaliza mapaketi awiri a 6013 pa puleti yogona ndi pa T. Mu Ogasiti anayamba chokwera, ndipo sabata zitatu zoyamba zinali zomvetsa chisoni, mizere yolendewera ngati makandulo osungunuka. Ndinamuuza achepetse moto ndi ma ampu 10 ndi kuyandikitsa rodi kuchitsulo, zinayamba kusintha. Mu Seputembala ndinamupatsa ekiselo ya ngolo ndi nsanja ya tanki kuti apange yekha, ndipo pa ntchito ziwirizo analandira gawo lake loyamba. Chilichonse chomwe wagwira ankalemba mu kope: tsiku, chinthu, kuchindikala kwa chitsulo, rodi yomwe wagwiritsa, ine n'kusayina Loweruka lililonse. Ankajambulanso pa foni ya mlongo wake.

Mu Novembala kapitawo wa kontilakitala wina anamuitana kukayesedwa. Mayeso ake sakhala a cholembera. Anamupatsa mapuleti awiri a mamilimita 10, ma rodi a 7018 ndi galayinda, n'kumuuza kuti aimike awotche chokwera. Anakonza m'mbali bwino, anasiya kampata, mzere woyamba unalowa. Koma pofulumira sanachotse silagi yense asanaike mzere wachiwiri, ndipo atadula kachidutswa n'kukapinda, panang'ambika pakati pomwe panali dontho lakuda. Analephera. Chomwe chinamupulumutsa ndi chakuti kapitawoyo anali ataona mmene anayezera, mmene anagwirira galayinda, ndi kuti anavala chigoba osachita kuuzidwa. Anamulemba ngati wothandizira mmisiri, malipiro a pa tsiku. Mnyamatayo anabwera kwa ine nkhope ili gwa, akuti amunyoza. Ndinamuuza kuti apite. Miyezi itatu imeneyo anakhala pambali pa munthu wowotcha mapaipi, akumupalira ndi kumugwirira, ndipo nthawi ya nkhomaliro ankayeserera pa zidutswa ndi ma rodi otsala, ataloledwa. Chaka chotsatira anayesedwanso n'kukhoza, nalembedwa ngati wowotcherera. Kuchokera tsiku lomwe anafika kwa ine mpaka malipiro a mmisiri panadutsa miyezi 18.

Uthandizi wa mkati mwa fakitale ndi usipanalaboyi wa pashedi zimaoneka zofanana, koma zimasiyana pawiri: uku mukulipidwa, ndipo mukuona ntchito yomwe pashedi simukanaiona. Choncho mukapatsidwa mwayi umenewo musaukane chifukwa cha dzina lake. Chofunika ndi kufunsa zinthu zingapo tsiku loyamba, musanavale ovolosi: malipiro ndi angati pa tsiku, amaperekedwa liti, maola owonjezera amawerengedwa bwanji, ndipo dzina lanu lalembedwa m'buku la ndani. Ineyo ndili mnyamata ndinagwirapo sabata 6 kwa kontilakitala wina wamng'ono amene ankangoti cheke sichinatuluke, tsiku lina tinangopeza kontena yatsekedwa, munthu wapita. Tinalibe kapepala kalikonse. Kuyambira pamenepo ndimalemba masiku anga ndekha ndi kusayinitsa kapitawo. Mukadzabedwa chotero, kapena mukadzavulala pantchito, kodandaula ndi ku ofesi ya zantchito, ku boma la Chikwawa kapena la Nsanje, ndipo kumeneko chomwe amayamba kufunsa ndi umboni woti munagwiradi. Ntchito ikatha, pemphani kalata yonena kuti munagwira kuyambira liti mpaka liti komanso ngati ndani. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kalata yotere wantchito akaipempha. Makalata awiri atatu otere amalemera kuposa CV yotayipitsa bwino.

Tibwere ku funso la koleji ndi mapepala. Dzanja limakulowetsani kwa kontilakitala wa miyezi itatu, koma ntchito yokhazikika pa kampani yaikulu, ya penshoni ndi tchuthi, imafuna satifiketi. Kumeneko amene amasankha makalata si kapitawo, ndi munthu wa mu ofesi amene puleti yanu sadzaiona. Ndiye pepala mulifune ndithu, koma pali njira zingapo.

Ya chizolowezi ndi ya TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja. Limalengeza malo m'nyuzipepala ndi pa wailesi, ofuna amalembera, ndipo osankhidwa amatumizidwa ku makoleji monga Soche ku Limbe, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. MSCE muli nayo, choncho lemberani. Mapointi osalowetsa ku yunivesite si chifukwa chodzichotsera nokha, makamaka ngati masamu ndi sayansi munakhoza. Dziwani chabe kuti ofuna amachuluka kuposa malo, ndiye musasiye shedi n'kukhala pakhomo kudikira dzina. Palinso makoleji a m'madera omwe boma linayamba kutsegula mu 2015, ndipo kuchigwa kuno ilipo ya ku Tengani m'boma la Nsanje. Musanalipire kulikonse, kaya ndi koleji ya boma, ya mpingo kapena ya munthu, pitani mukaone ndi maso. Werengani makina amene akuyaka, osati amene ali m'sitolo. Ophunzira 30 pa makina awiri ndiye kuti aliyense amagwira rodi kamodzi pa sabata, kuchepera theka la ola lanu lija. Funsani ngati sukuluyo inalembetsedwa ku TEVETA, ndi kuti mayeso ake amatuluka ndi satifiketi ya ndani. Pepala losindikiza mwini sukulu, la maluwa m'mbali, kampani siliwerengera.

Funso lina lofunika kwambiri kwa akoleji ndi ili: chaka chathachi ophunzira anu anakachita kuti atachimenti, ndipo anawapezera ndani? Maphunziro amenewa amayenda mosinthana, nyengo ina m'kalasi, nyengo ina kuntchito, ndipo ambiri amakakamira pamenepo, atapatsidwa kalata n'kuuzidwa kuti akadzifunire okha. Apa inuyo muli ndi mwayi kuposa mnzanu wochokera kusekondale molunjika, chifukwa mudzakhala mukudziwana kale ndi amisiri ndi makapitawo. Kalata ya atachimenti muipereke miyezi iwiri isanafike nthawi, pamanja, ndipo mupemphe kuonana ndi woyang'anira wekishopu, osangoisiya kwa alonda. Makampani amapereka kale msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, choncho kupempha malo ophunzirira si kupempha chifundo. Koma musakanene zimenezo pageti.

Njira ina ndi yomwe ikukuyenerani kwambiri ngati koleji italephereka. TEVETA ili ndi ndondomeko yotchedwa RPL, yoyesa anthu amene anaphunzira ntchito pamanja n'kuwapatsa satifiketi molingana ndi zomwe akutha. Amisiri akale mudzawamva akunena za Tiredi Tesiti, Giredi 3, 2 ndi 1, pomwe Giredi 1 ndiye yapamwamba. Achinyamata a masiku ano amanena za ma Levo, kuyambira 1 kukwera m'mwamba. Mfundo yake ndi imodzi: munthu akuyese ntchito, boma livomereze. Kope lija la masiku ndi masaini, zithunzi, ndi makalata a makontilakitala ndi zomwe zimakhala umboni wanu pamenepo. Kafunseni ku ofesi ya zantchito ya boma lanu kapena ku ofesi ya TEVETA ku Blantyre kuti kuyesa kotsatira kuli liti ndipo amalipiritsa zingati, ndipo ndalama iliyonse muilipire kumene kukutuluka lisiti ya bungwe.

Pa ndalama pomwepa, chenjerani. Nyengo yolemba anthu ikayandikira pamatuluka anthu oti ali ndi m'bale wawo ku ofesi, mungotumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money dzina lilowe. Ena amafika poonetsa fomu ya chidindo. Malo a ntchito ndi a atachimenti sagulitsidwa, ndipo amene walowa pogula, ngati walowadi, amatuluka tsiku loyesedwa puleti. Mbuzi ya amayi anu isapite pamenepo. Ikagulitsidwa, igule chigoba, nsapato za chitsulo kumapazi, tepi, sikweya ndi mapaketi a ma rodi. Kapitawo akaona mnyamata wabwera ndi tepi yake ndi choko m'thumba, amayamba kumuyang'ana mosiyana.

Ngati ndingakuikireni ndondomeko ya inuyo, ikhala yotere. Sabata ino yang'anani shedi yanu ndi maso atsopano, muyenderenso ena awiri atatu pa Nchalo ndi Ngabu. Lamlungu likubwerali amalume akalankhule. Gulani kope ndi paketi yoyamba. Kulengeza kwa TEVETA kukatuluka lemberani, koma manja asaime. Pofika Okutobala mukhale ndi puleti ya chokwera yoti mungaionetse mmisiri wachilendo osachita manyazi, imodzi yathunthu ndi ina yothyola kuti aone mkati. Miyezi 8 yapitayo musaitaye: pemphani abwana anuwo akulembereni kalata yoti mwakhala nawo kuyambira mwezi wakuti, mukugwira zakutizakuti, asayine ndi kuikapo nambala yawo ya foni. Muipemphe pano mukadali pabwino nawo, nkhani yosamuka isanatuluke.